Momwe mungapezere kulemera kwa molo ya puloteni ndi kathumba ka dayalisisi

Alubumini ya m'magazi a ng'ombe ndi puloteni ya molekyu yaikulu, moti magalamu 10 mu lita sasintha mooneka pamene madzi amawirira kapena kuundanira. Koma pa osimosisi amakweza madzi m'chubu pafupifupi masentimita 4, zomwe rula wamba imayeza.

Yambani ndi madzi a mchere, magalamu 9 pa lita. Sungunulirani puloteni m'madzi amenewa, thirani m'kathumba ka dayalisisi, kamene kamalola madzi ndi mchere kudutsa koma osati puloteni, mangirirani chubu chagalasi kukamwa, ndipo mizani kathumbako m'madzi a mchere omwewo. Musaike madzi opanda mchere kunja: puloteni ili ndi chaji, imasunga ma ayoni pafupi nayo, madzi amakwera mopitirira ndipo yankho limachepa. Imikaninso chubu china chofanana m'madzi akunjawo. Madzi amakwera okha m'chubu chopapatiza, ndiye msinkhu wa m'menemo muzichotsera.

Pa kathumba ndi pamene ntchito inandivutira. Wogulitsa wina anandipatsa timatumba totchipa koma touma, tokhalitsa pashelefu. Madzi anakwera bwino, kenaka anayamba kutsika pang'onopang'ono osaima. Zikatero tapani madzi akunja pang'ono, mudonthezemo mankhwala a bayuleti, oyezera puloteni. Akasanduka apepo, puloteni ikudontha, kathumbako tayani. Akakhala abuluu, nthawi zambiri ndiye kuti mchere unachuluka mkati ndipo ukungofanana ndi wakunja. Dikirani, msinkhu uima. Kathumba kabwino mukakanyika kamafewa kopanda timizere toyera, ndipo pomanga pake muzipinda kawiri musanakulunge ulusi. Kuli bwino kulipira zambiri pa kathumba kusiyana ndi kutaya alubumini, yomwe ndi yodula kwambiri.

Kutentha kwa kuno ku Chikwawa ndi Nsanje nakonso muzikusamala. Mu Okutobala puloteni imaonongeka msanga, ndiye ikani zonse m'beseni lalikulu la madzi pamthunzi, ndipo temometa ikhale m'madzimo, osati pakhoma.

Tinene kuti msinkhu waima pa mamilimita 39 mutachotsera kale, madzi ali pa madigiri 35, omwe ndi makelevini 308. Magalamu 10 pa lita ndi chimodzimodzi makilogalamu 10 pa kiyubiki mita. M'masamu ali m'munsiwa, `π` ndi mphamvu ya osimosisi, `ρ` ndi kulemera kwa kiyubiki mita ya madzi, `g` ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, `h` ndi msinkhu, `c` ndi kuchuluka kwa puloteni, `R` ndi nambala yosasintha ya mipweya, `T` ndi kutentha, ndipo `M` ndi kulemera kwa molo.

```
π = ρgh = 1000 × 9.81 × 0.039 = 383 Pa
M = cRT/π = 10 × 8.314 × 308 / 383
  = 66.9 kg/mol
```

Apa molo imodzi ikulemera magalamu pafupifupi 66,900, ndipo alubumini yeniyeni ili cha pa 66,500. Milimita imodzi yokha mukaiphonya, yankho limasuntha ndi magalamu oposa 1,500.

Lamulo la `M = cRT/π` limagwira bwino puloteni ikakhala yochepa m'madzi. Bwerezani ndi magalamu 5, 15 ndi 20, jambulani `π/c` molingana ndi `c`, talikitsani mzere mpaka `c = 0`. Pamene wadula ndiye `RT/M`.