Malangizo kwa Ophunzila Unamwino: Sodiyamu Ikatsika M'magazi a Wodwala

Malangizo awa ndi a inu amene mukuphunzila nchito m'mawodi a akuluakulu. Musayambe kapena kusintha dilipi iliyonse popanda dokota kulemba komanso namwino wamkulu kudziwa.

Pa pepala locokela ku labu, sodiyamu imalembedwa Na. Kwa munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 135 ndi 145 mmol/L. Ikatsika kupitilila 135 ndiye kuti yacepa, ndipo ikakhala pansi pa 125 dziwitsani dokota nthawi yomweyo, ngakhale wodwalayo akuceza bwinobwino.

Nambala imeneyi imaonetsa kuculuka kwa mcele poyelekezela ndi madzi a m'thupi. Ndiwo zimatha kusukuluka ngakhale mcele unathilidwa wokwanila, ngati wina waonjezamo madzi. Odwala ambili amene sodiyamu yawo yatsika ali conco: thupi lawo lasunga madzi oposa muyezo. Cimene cimasungitsa madziwo ndi homoni imene imalembedwa ADH.

ADH imapangidwa m'mbali ya ubongo yochedwa haipothalamasi, n'kutulutsidwa ndi mbali yakumbuyo ya pituitale. Ikafika ku impso imatsegula njila m'timapaipi tothela, madzi n'kubwelela m'magazi m'malo motuluka. Mkodzo umacepa ndipo umada. Munthu wathanzi akamwa madzi ambili, ADH imasiya kutuluka, iye n'kukodza mkodzo woculuka woyela. Conco mukaona sodiyamu yatsika koma mkodzo ndi wocepa ndi wakuda, funsani kuti: n'ciani cikucititsa kuti ADH ipitilize kutuluka?

Yankho mulipeze pa bedi. Ngati wodwala watsegula m'mimba kapena wasanza kwambili, lilime lauma, mtima ukuthamanga ndipo BP ikutsika akadzuka, thupi likutulutsa ADH kuti liteteze magazi otsalawo. Ameneyu amafunika salaini wa 0.9%. Ngati miyendo kapena mimba zatupa cifukwa ca matenda a mtima kapena ciwindi, madzi ndi mcele zonse zaculuka, ndipo salaini angamuonjezele vuto. Koma alipo wina amene sanaume ndiponso sanatupe. Mwa iye ADH ikutuluka popanda cifukwa coyenela, ndipo m'failo mumalembedwa SIADH. Zimene zimacititsa ndi zimene mumaona tsiku ndi tsiku: TB ya m'mapapo kapena ya ku ubongo, cibayo, ululu ndi nselu pambuyo pa opaleshoni, ndi mankhwala monga kabamazepini ndi mofini.

Tiyelekezele kuti muli ndi bambo wa zaka 42 amene ali ndi TB ya m'mapapo. Sakudya bwino, conco wakhala pa dilipi ya dekisitilozi 5% kwa masiku awili, ndipo womudikilila akumupatsa tiyi ndi madzi pafupipafupi cifukwa comumvela cisoni. Dzulo analandila mamililita 3,200 koma anakodza 700 cabe. Pa sikelo wacoka pa makilo 54 kufika 56. Lilime ndi lonyowa, miyendo siinatupe, BP ili 120/76. M'mawa uno akudandaula mutu ndi nselu, ndipo mukamufunsa kuti ali kuti akucedwa kuyankha. Na yabwela 118.

Citani izi. Tsimikizani kuti magazi sanatengedwe pa mkono umene uli ndi dilipi, cifukwa madzi a dilipi amasukulutsa magaziwo n'kupeleka nambala yabodza. Pimani shuga, popeza shuga wokwela kwambili nayenso amatsitsa sodiyamu. Yang'anani potaziyamu: ikakhala yokwela ndipo BP ili yotsika, uzani dokota msanga, cifukwa TB imatha kuononga tiziwalo ta pamwamba pa impso, ndipo vuto limenelo lili ndi mankhwala ake. Tengani mkodzo wopita ku labu dilipi ina isanayambe. Dziwitsani dokota za dekisitilozi uja. Shuga wa m'dilipiyo akagwilitsidwa nchito m'thupi, cotsala ndi madzi okhaokha, ndipo kwa wodwala amene ADH yake ikutuluka, madziwo alibe kolowela.

Ophunzila ambili apa amathamangila salaini wa 0.9%. Kwa wodwala wa SIADH salaini ameneyu akhoza kutsitsa sodiyamu m'malo moikweza. Lita imodzi ya salaini ili ndi mphamvu ya 308 mOsm/L. Ngati mkodzo wa bamboyu uli pa 616, impso zidzatulutsa mcele wonse wa m'lita ija m'mamililita 500 cabe a mkodzo, ndipo 500 otsalawo adzakhala m'thupi monga madzi opanda mcele.

Wodwala akakhala kuti sanasokonezeke, cithandizo coyamba ndi kucepetsa zakumwa, nthawi zambili mamililita 800 mpaka 1,000 pa maola 24. Welengani zonse: tiyi, phala lamadzi, maheu, msuzi, madzi omwela mankhwala, ndi olowa pa mtsempha. Khalani pansi ndi womudikilila mumufotokozele, cifukwa kumana wodwala madzi kumaoneka ngati nkhanza, ndipo akapanda kumvetsa adzamupatsa mobisa usiku. Muuzeni mwaulemu kuti, "Amayi, madzi aculuka m'thupi mwawo ndipo akutupitsa ubongo. Botolo ili ndilo la lelo lonse." Ikani cizindikilo pa botolo, cotsani jagi pa loka, ndipo tsukani wodwala m'kamwa pafupipafupi kuti ludzu lisamuzunze. Muyezeni pa sikelo imodzimodzi m'mawa uliwonse.

Bambo wathuyu wafika kale patali. Madzi akulowa m'maselo a ubongo, ndipo cigaza sicifutukuka. Akayamba kusanza, kugona kosadzutsika kapena kugwa ngati wakhunyu, mugonekeni cam'mbali, tetezani njila yopumila ndi kuitana dokota. Mankhwala ake ndi salaini wa 3%, kawilikawili mamililita 150 pa mphindi 20, kenako kupimanso magazi. Cikwama ca 3% ciwelengedwe ndi anthu awili cisanapacikidwe: cili ndi sodiyamu 513 mmol pa lita, pomwe ca 0.9% cili ndi 154. Colinga ndi kukweza sodiyamu ndi 4 mpaka 6 cabe. Ya bamboyu ikacoka pa 118 kufika 123 ndipo wayamba kuyankha, salaini wa 3% amaimitsidwa, ngakhale nambala ikali kutali ndi 135.

Cifukwa cake n'cakuti sodiyamu ikakhala yotsika kwa maola oposa 48, ubongo umazolowela potaya mcele wina wa m'maselo ake. Mukaikweza mothamanga, maselowo amafota ndipo cokutila ca minyewa cimaonongeka. Wodwala amaoneka ngati wacila, koma pakapita masiku awili mpaka 6 amayamba kulephela kulankhula, kumeza ndi kuyendetsa manja ndi miyendo, ndipo ena sacila. Malile ndi 10 mmol/L pa maola 24 oyamba. Kwa wodwala woonda ndi njala, womwa mowa kwambili, wa matenda a ciwindi kapena wa potaziyamu yotsika, musapitilile 8. Bamboyu ndi woonda, conco lembani poonekela pa failo kuti Na isapitilile 126 pofika nthawi yomweyo mawa.

Yezani mkodzo ola lililonse. ADH ikhoza kusiya mwadzidzidzi, makamaka kwa wodwala wouma amene walandila salaini, kapena nselu ndi ululu zikatha. Mukaona mkodzo wasanduka woyela ngati madzi ndipo ukuposa mamililita 100 pa ola, musadikile kuti madokota abwele m'mawa. Sodiyamu ikukwela yokha mofulumila. Itanani dokota ndipo tengani magazi. Iye angalembe desimopulesini, amene amagwila nchito monga ADH, kapena dekisitilozi 5% yemwe uja, tsopano kuti abwezele madzi amene akutayika.