Lipoti lowuma la ntchito: mmene lidasandukira nkhani

Lipoti la ntchito yophunzitsa alimi kusunga chimanga linali ndi masamba ambiri, matebulo okhaokha, ndipo owerenga ankalekeza panjira. Kulidula sikudathandize, chifukwa lidangofupika koma lowumabe. Kuyika zithunzi nako sikudasinthe kanthu.

Chidathandiza ndi kusanja mfundo zonse m'magulu atatu: vuto, zimene zidachitika, ndi zotsatira. Pepala ndi cholembera basi, palibe ndalama idalowa. Mfundo yosowa gulu idachotsedwa, ngakhale inali yokoma.

Vuto lizilembedwa ndi nambala ya poyambira, mwachitsanzo kuti pa matumba 50 anankafumbwe ankawononga 10. Pa zochita, tchulani amene adachita, chimene adachita, komanso chimene chidakanika.

Pa zotsatira ndi pamene pamafunika kudekha. Tiyerekeze kuti matumba owonongeka adatsika kuchoka pa 10 kufika pa 6. Kutayika kwachoka pa 20 peresenti kufika pa 12 peresenti. Munthu angalembenso kuti "kwatsika ndi 40 peresenti", ndipo masamu ake ndi owona, koma nambala imeneyi ikayima yokha imakuza nkhani. Lembani matumbawo, kenaka peresenti. Nenaninso kuti alimi amene adawerengedwa ndi angati, nyengo iti, ndiponso ngati amene adasiyira panjira alimo. Akachotsedwa mwakachetechete, otsalawo amaoneka opambana kuposa mmene zidalili.

Mawu akuti "chifukwa cha maphunzirowa" ndimawapewa ngati panalibe gulu lina la alimi loyerekezera nalo. "Maphunziro atachitika" ndiye olondola, pakuti mwina chaka chimenecho chimanga chidangouma bwino.