Momwe mungawerengere phindu la chigayo mitengo ikukwera

Tiyerekeze kuti mukufuna kugula chigayo cha K10 miliyoni. Pa mitengo ya lero, mukachotsa magetsi ndi malipiro a antchito, chizikusiyirani K4.5 miliyoni pachaka kwa zaka zitatu. Ndalama yogulira ikufuna chiwongoladzanja cha 32 peresenti, ndipo mitengo ikukwera ndi 20 peresenti pachaka.

Yambani ndi kudzifunsa kuti ndalama mwalembazo ndi za mtundu wanji. Ngati mwalemba K4.5 miliyoni chaka chilichonse, ndiye kuti mwagwiritsa ntchito mitengo ya lero. Pomwe 32 peresenti ya kubanki ili kale ndi kukwera kwa mitengo m'kati mwake. Ziwirizi siziyendera limodzi. Mukazisakaniza mupeza kuti zaka zitatuzo zikubweza K7.95 miliyoni yokha, n'kusiya chigayo choti chikanakupindulirani. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, ndipo zimandiwawa chifukwa masamu ake amaoneka olondola.

Njira yoyamba ndi kukweza ndalamazo kuti zifanane ndi zomwe mudzagwire m'manja. Chulukitsani ndi 1.20 chaka ndi chaka: K5.4 miliyoni, K6.48 miliyoni, kenako K7.776 miliyoni. Tsopano zibwezeni ku mtengo wa lero ndi 32 peresenti: gawani ya chaka choyamba ndi 1.32, yachiwiri ndi 1.32 kawiri, yachitatu katatu. Zonse pamodzi ndi K11.19 miliyoni, ndipo mukachotsa K10 miliyoni patsala K1.19 miliyoni. Mu Excel lembani 5400000, 6480000 ndi 7776000 mu B2 mpaka B4, kenako:

```
=NPV(0.32,B2:B4)-10000000
```

Njira yachiwiri ndi kusiya K4.5 miliyoni momwe ilili, n'kuchotsa kukwera kwa mitengo m'chiwongoladzanja. Musangochotsa 20 pa 32. Gawani, monga mwa lamulo la katswiri wa zachuma Irving Fisher:

```
1.32 / 1.20 - 1 = 0.10
```

Ndi 10 peresenti mupezanso K11.19 miliyoni yomweyo. Mukanagwiritsa ntchito 12 mukanapeza K10.81 miliyoni. Njira ziwirizi zikasiyana mayankho, dziwani kuti penapake mwasakaniza. Kusakaniza kwina n'koopsa kwambiri: ndalama zokwezedwa kale kuzibweza ndi 10 peresenti kumapereka K16.11 miliyoni, phindu lomwe kulibe.

Ine ndimakonda njira yoyamba, chifukwa si zonse zimakwera mofanana. Gawo la mtengo wa makina lomwe mumachotsera powerengera msonkho limatengera mtengo umene munagulira, silikwera ndi mitengo. Zida zochokera kunja, monga malamba ndi sefa, zimatsata dola. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pomwe mtengo wogayitsa thini ya chimanga sungaukweze mwachisawawa, anthu athawira chigayo cha mnzako. Choncho patsani chilichonse mzere wake ndi kakweredwe kake, kenako bwezani zotsalazo ndi 32 peresenti.