Madzi a kokonati sangalowe m'malo mwa Thanzi mwana akamatsegula m'mimba

Mvula yayamba, zitsime zadzaza matope, ndipo matenda otsegula m'mimba abwereranso m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Koma chaka chino chandidetsa nkhawa ndi china. Pamakomo angapo ndapeza mwana ali gone pamkeka, pambali pake pali zikhokhombe za kokonati zongoboola kumene, paketi ya Thanzi ili m'chikwama yosatsegula. Mukafunsa, yankho ndi limodzi: "Awa ndi achilengedwe, alangizi, amaposa za m'paketi." Ena akuti anaziona pafoni.

Mwana akatsegula m'mimba sataya madzi okha. Amatayanso mchere, makamaka sodiyamu, womwe uja uli mumchere wathu wa m'ndiwo. Matumbo odwala amavutika kuyamwa madzi, koma mcherewu ukafika limodzi ndi shuga pamlingo woyenera, ziwirizi zimalowa m'thupi pamodzi ndipo madzi amatsatira. Ntchito ya Thanzi yagona pamenepo. M'paketi imodzi yosungunula mu lita imodzi muli magalamu 2.6 a mchere ndi magalamu 13.5 a shuga wa gulukosi, monga mwa muyezo umene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2002.

Madzi a kokonati ali mozondoka. Sodiyamu ndi wochepa kwambiri, pomwe potaziyamu, mchere wina umene Thanzi ali nawo pang'ono chabe, ndi wochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu. Shuga nayenso sadziwika mlingo, chifukwa kokonati wanthete ndi wokhwima sakoma mofanana. Ndiye mwana amamwa, mimba imadzaza, mayi mtima n'kukhala pansi, koma mchere umene ukuchoka ndi chimbudzi chilichonse sukubwerera. Magazi amasukuluka. Mwanayo amayamba kulefuka, kuodzera, nthawi zina mpaka kukomoka. Ndipo ngati wauma kale mpaka kusiya kukodza, impso sizitha kutulutsa potaziyamu wochulukayo, amene akaunjikana amasokoneza kagundidwe ka mtima. Pa kolera ndiye musayerekeze n'komwe: chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga chija chimachoka ndi mchere wambiri kuposa kutsegula m'mimba wamba. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tikufunanso phunziro lina?

Bambo wina wolima mpunga ananditsutsa pamsonkhano. Akuti iwo m'mimba mutawavuta pa nthawi yowokera, anamwa kokonati masiku awiri n'kubwerera kudambo ali gwa. Nditawafunsa zomwe ankadya, anati phala lothira mchere m'mawa, nsima ya usipa masana. "Ndiyetu mchere wanu unachokera mu usipamo, bambo," ndinawayankha. Anthu anaseka, iwo osagonja. Munthu wamkulu amene akudya, m'mimba mwangosokonekera pang'ono, akhoza kumwa madzi a kokonati ngati chakumwa china chilichonse chaukhondo, ndipo amaposa zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, zimene zimawonjezera kutsegulako. Vuto ndi kutenga zimene zinathandiza bambo wamphamvu n'kuzipereka kwa mwana wa miyezi 10 amene akukana phala. Kamwana kotere kamauma m'maola ochepa.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti mabanja omwewa ndi amene amasiyitsa mwana kuyamwa ati m'mimba mupume, kapena liwombo likalowa amathamangira kukamata mankhwala pamutu. Liwombo likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi. Takhala tikunena zimenezi pasikelo iliyonse, koma mawu a agogo amamveka kuposa athu. Pomaliza pake banja limalipira kabaza usiku, mwana n'kukaikidwa diripi, mayi n'kugona kuchipatala masiku angapo munda ukumera udzu, pomwe paketi yaulere inali m'nyumba.

Zochita mukuzidziwa. Paketi yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, osagawa paketi, ndipo osasungunulira m'madzi a kokonati. Mwana wosakwana zaka 2 amwe kotala mpaka theka la kapu akangochita chimbudzi, wokulirapo theka mpaka kapu yonse. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono ndi sipuni. Zotsala zitayeni pakatha maola 24. Mankhwala a zinki amwe tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale ataoneka kuti wachira, ndipo bere lisasiyidwe. Paketi ikasowa, timasipuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasipuni ka mchere mu lita imodzi zikuthandizani panjira yopita kwa alangizi a zaumoyo. Maso akalowa, khungu mukalitsina n'kuchedwa kubwerera, mwana akakana kumwa kapena m'chimbudzi mukaoneka magazi, berekani mwanayo muzipita kuchipatala nthawi yomweyo, muzikam'mwetsa m'njira.