Momwe mungayezere dontho la kuwala kodutsa pabowo laling'ono

Kuwala kukadutsa pakabowo kozungulira sikupita mowongoka ayi. Kumamwazika, ndipo pakhoma mumaona dontho lowala pakati, litazunguliridwa ndi mphete zakuda ndi zowala. Dontholi limatchedwa dontho la Airy, dzina lomwe linachokera kwa George Biddell Airy, yemwe anawerengera masamu ake mu 1835. Pafupifupi magawo 84 pa 100 a kuwala konse amagwera m'dontho lapakatilo, n'chifukwa chake mphete zimaoneka mozilala.

Mufunika kaleza kofiira kolozera, komwe ndi katochi kotulutsa kuwala kopyapyala kowongoka, foyilo, singano, tepi yoyezera ndi pepala loyera. Tileza totchipa ta mumsika timakwana, koma musamakhulupirire zolembedwa pachomata. Tina, makamaka tobiriwira, timakhala tamphamvu kuposa momwe wogulitsa akunenera. Osakaloza m'maso mwa munthu.

Ntchito yonse yagona pabowo. Ine poyamba ndinkaboola foyilo nditaigwira m'manja, ndipo pakhoma pankangotuluka chinthu cha minga mbali zonse, mphete osaoneka. Singano ikapyola, imang'amba foyilo ndipo bowo limakula n'kukhala la manomano. Yalani foyilo pagalasi, ikani nsonga yokha ya singano, muipotokole pang'ono osakanikiza. Galasi limaletsa singano kulowa kwambiri. Boolani mabowo angapo motalikirana, muwayese limodzilimodzi. Mukaona minga, bowolo silozungulira. Mukaona kadontho kolimba kopanda mphete, lakula kwambiri, chifukwa bowo likamakula dontho limachepa: la mamilimita 1 lingakupatseni dontho losakwana mamilimita 5 pamtunda wa mamita atatu.

Mangani leza kuti isagwedezeke, foyilo patsogolo pake, pepala pakhoma mamita 3 kuchokera pabowo. Chitani usiku, ndipo magetsi akathima ndiye bwino kwambiri.

Tsopano yezani mphete yakuda yoyamba, kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, n'kugawa pawiri. Musayeze pomwe maso akuti kuwala kwatha, mudzapeza nambala yochepa. Ngodya ya dontho, kuchokera pakati kufika pamphete yakudayo, imatsata lamulo ili:

θ = 1.22 λ / D

λ ndi utali wa funde la kuwala, womwe pa leza yofiira umakhala pafupifupi mananomita 650, kapena kuti mamilimita 0.00065, ndipo D ndi kukula kwa bowo modutsa pakati. θ ndi ngodyayo, ndipo imatuluka m'marediyani, muyeso wina wa ngodya.

Tinene kuti mphete yakuda yakwana mamilimita 24. Theka lake ndi 12. Kuti mupeze ngodya, gawani 12 ndi 3,000, womwe ndi mtunda wa mamita 3 m'mamilimita, mupeza marediyani 0.004, pafupifupi madigiri 0.23. Kenako D = 1.22 × 0.00065 / 0.004, zomwe zikupereka mamilimita 0.2. Mwayeza bowo lomwe rula sangaliyeze.

Ngati muli ndi leza yobiriwira ya mananomita 532, yesani pabowo lomwelo. Theka la dontho litsika kufika pafupifupi mamilimita 10.