Gulugufe wa usiku pa nyali: chimene chimachitika ndi chimene mlimi angachite

Mvula yoyamba ikangogwa kuno ku Thyolo ndi Mulanje, khonde lililonse lokhala ndi babu limadzaza tizilombo touluka. Ngumbi ana amazitola, koma agulugufe a usiku, amene ena amati njenjete, amangozungulira mpaka kugwa pansi. Alimi ambiri amene agula nyali za sola amafunsa mafunso awiri. Ena amaopa kuti nyali ikuwaitanira ntchemberezandonda kudimba. Ena akufuna kuika nyali pakati pa munda kuti iwaphere agulugufe oikira mazira. Mafunso onsewa agona pa ganizo limodzi, lakuti gulugufe amaona nyali ali kutali n'kuifuna, ndipo ganizolo ndi lolakwika.

Tiyambe ndi zimene anthu amanena. Ambiri amati gulugufe amatsata kutentha. Nthawi ya koloboyi ndi mababu akale otentha aja zinkamveka, chifukwa kuwala ndi kutentha zinkachokera pamodzi. Koma gwirani babu la sola limene layaka usiku wonse: silikuwotchani, pomwe agulugufe ali yakaliyakali polizungulira. Kutentha tikuchotse.

Kufotokoza kumene kwafala kwambiri, ngakhale m'masukulu, n'kwa mwezi. Amati gulugufe poyenda usiku amasunga mwezi mbali imodzi kuti asasochere, ndiye akapeza nyali amaiyesa mwezi. Popeza nyali ili pafupi, kuisunga mbali imodzi kumamukhotetsa mpaka kufika pa nyalipo. Si ganizo lopusa ayi. Tizilombo tina timayendadi poona kumwamba, monga zikumbu zogubuduza ndowe zimene akatswiri anaziyesa ku South Africa n'kupeza kuti zimawongola njira poona nyenyezi. Vuto ndi lakuti gulugufe pa nyali sachita zimene ganizoli likuyembekezera. Akanakhala kuti akulondola njira, bwenzi akuzungulira mochepetsa bwalo mpaka kugunda babu. M'malo mwake ambiri amazungulira osayandikira, ena amakwera m'mwamba, ena amagadabuka chagada n'kugwa. Wolondola njira alibe chifukwa chogadabukira.

Yankho lomveka linatuluka mu Januwale 2024, pamene gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Samuel Fabian wa ku London ndi Yash Sondhi wa ku Florida linafalitsa zimene linapeza. Iwo anajambula tizilombo touluka pa nyali ndi makamera othamanga kwambiri, m'chipinda choyesera zinthu komanso m'nkhalango ya Monteverde ku Costa Rica. Ataonera zithunzizo pang'onopang'ono anapeza kuti tizilombo sitilunjika nyali ndi mutu. Timaipatsa msana.

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Chouluka chilichonse chiyenera kudziwa kumwamba ndi pansi, apo ayi mphamvu ya mapiko imachikankhira kolakwika. Inu ndi ine timadziwa pansi chifukwa mapazi ali panthaka ndipo thupi limamva kulemera kwake. Kachilombo kopepuka, kokhota msangamsanga m'mphepo, sikangadalire zimenezo. Chimene chakhala chodalirika kuyambira kalekale n'chakuti kumwamba kumawala kuposa pansi, ngakhale usiku wopanda mwezi. Motero gulugufe amatembenuza msana wake kuloza kumene kukuwala kwambiri, ndipo akatero amakhala kuti waongoka. Sachita kuganiza, thupi limangochita lokha.

Ndiye muikireni babu pambali. Msana umapendekera ku babulo, mapiko amamukankhira chammbali, ndipo njira yake imapindika. Akasuntha pang'ono babu limakhala lili pena, msana umatsatanso, n'kupindikanso. Amakhala ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, imene imazungulira osati chifukwa chokonda chikhomocho koma chifukwa chingwe sichiilola kupita kwina. Akaidutsa nyali n'kukhala kumbuyo kwake, amaimika thupi kuti msana uloze kumbuyoko, amakwera chilili mpaka liwiro kutha n'kugwa. Akadutsa pamwamba pa nyali, kuwala kumakhala kumimba, ndiye amadzigadabuza ndipo mapiko amamukankhira pansi. Phokoso limene mumamva la agulugufe akugunda simenti pansi pa babu limachokera pamenepo.

Akatswiri aja anayesanso china chimene chimatsimikiza nkhaniyi. Anayala nsalu yoyera pamwamba n'kuiwalitsa kuti kuwala kutsike kuchokera kumwamba kofalikira bwino: tizilombo tinadutsa pansi pake bwinobwino. Atayala nsaluyo pansi n'kuiwalitsa, tinayamba kugadabuka n'kugwerapo. Si mitundu yonse imene inachita zimenezi, koma yambiri inatero.

Tsono nyali simaitana gulugufe kuchokera kutsidya kwa Ruo. Imakola amene wadutsa pafupi, n'kumulepheretsa kupitirira. Mukaona khumi pa babu nthawi ya chakudya chamadzulo ndi makumi asanu pakati pa usiku, dziwani kuti ndi odutsa amene akhala akuunjikana.

Titenge chitsanzo cha banja la ku Bvumbwe limene lili ndi dimba la chimanga kuseri kwa nyumba, ndipo laika babu loyera la sola pamtengo pafupi ndi khola la nkhuku poopa akuba. M'mawa uliwonse pansi pa mtengowo pamakhala agulugufe akufa, ndipo chimanga chayamba kuonetsa timawindo pamasamba, malo amene mbozi yapala tsamba n'kusiya kachikopa kowonekera. Bambo akuti babu ndilo labweretsa mbozi. Mayi akuti tionjezere lina pakati pa dimba kuti liwaphe onse.

Kwa bambo ndinganene kuti gulugufe wa ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndipo zinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, amauluka mtunda wautali usiku umodzi ndipo chimanga amachipeza yekha. Minda yopanda nyali nayonso imagwidwa. Komabe babu loyandikana ndi mizere lingaunjike agulugufe pamalo amodzi, choncho kulisuntha n'kwanzeru.

Kwa mayi yankho ndi lalitaliko. Nyali sisankha. Pa agulugufe amene mumasesa m'mawa, ambiri si adani a chimanga. Muli amene amanyamula mungu wa maluwa usiku, muli timavu ndi tizilombo tina timene timadya mazira ndi mbozi zazing'ono. Mdani weniweniyo, wamkazi mmodzi amaikira mazira m'magulumagulu, gulu limodzi 100 mpaka 200, ndipo pa moyo wake angapitirire 1,000. Akathawa msampha owerengeka okha, kapena akagwidwa ataikira kale, dimba ladzaza. Chiwerengero cha pa nyali nachonso chimanamiza. Mwezi ukakhala wathunthu kumwamba kumawala, babu limachepa mphamvu, ndipo ogwidwa amachepa ngakhale kumunda aliko ambiri. Usiku wozizira wa chiperoni amachepanso chifukwa sauluka kwenikweni. Munthu angaganize kuti mliri watha pomwe mbozi zili m'kati mwa nsonga zikudya. N'chifukwa chake misampha imene alangizi amagwiritsa ntchito poyang'anira mbozi imeneyi si ya nyali koma ya fungo la gulugufe wamkazi, limene limakopa amuna a mtundu womwewo. Ngakhale imeneyo ntchito yake n'kuchenjeza, osati kuteteza munda.

Chotchinjiriza dimba ndi maso anu. Kamodzi kapena kawiri pa sabata, m'mamawa, yendani m'dimba mokhotakhota, muime malo asanu, pamalo aliwonse muone mbewu khumi. Tembenuzani masamba, fufuzani timagulu ta mazira tokutidwa ndi ubweya wotuwa ndipo mutiphwanye ndi zala, chifukwa kukatentha amaswa pa masiku awiri kapena atatu. Suzumirani m'nsonga ngati muli ndowe zonga utuchi. Mbozi yake yokula ili ndi madontho anayi akuda cha kumchira oima ngati ngodya zinayi za bokosi. Chimanga chikadali chaching'ono, mbewu khumi pa makumi asanuwo zikakhala ndi zizindikiro zatsopano, yakwana nthawi yochitapo kanthu, ndipo mukambirane ndi mlangizi wa dera lanu za njira yake.

Nanga babu la pakhola lija? Musalizimitse ngati mukulifuna, koma mulikonze. Livekeni chipewa chakuya, ngakhale chitini chobowola kapena mbale yakale yachitsulo, choti babu lilowe m'kati ndithu, kuwala kutsike pansi pokha ndipo asamalione amene akuuluka m'mbali kapena pamwamba. Chipewa chosaya chosiya babu likulendewera kunja sichithandiza. Pansi pake pasakhale choyera chobweza kuwala, monga malata atsopano, khoma la laimu kapena thumba la feteleza loyalidwa, chifukwa kuwala kobwerera m'mwamba n'kumene kumagadabuza. Pogula, sankhani babu lachikasu kusiyana ndi loyera mobiriwira ngati thambo lija. Maso a agulugufe ambiri amamva kwambiri kuwala kwa mtundu wa buluu ndi kwina kumene ife sitikuona n'komwe, pomwe kwachikasu amakumva pang'ono. Sikuti atheratu, angochepa. Ndipo ngati nyali yanu ndi ija imayaka yokha munthu akadutsa, ndiye bwino koposa, pakuti gulugufe wokodwa amamasuka kuwala kukazima.

Pakhomo pa nyumba mfundo ndi yomweyo. Babu lisakhale pamwamba penipeni pa chitseko kapena pawindo lotsegula. Liikeni pakona kapena pamtengo patali pang'ono, liziwalitsa chitseko kuchokera uko, kuti chipwirikiti chonsecho chichitikire kumeneko limodzi ndi analimata ndi achule amene amabwera kudzadya.

Nthawi imodzi imene mungafune kuti nyali ikole ndi ya ngumbi, ndipo pamenepo mutembenuze zonse ndanenazi. Babu likhale loyera, lopanda chipewa, lotsika pafupi ndi beseni lamadzi, ndipo nyali zina zapakhomo muzizimitse kuti zisalimbirane. Beseni likakhala loyera kapena lonyezimira m'kati limabweza kuwala kuchokera pansi, zoulukazo n'kumagweramo. Ngumbi zikatha kutuluka, zimitsani, chifukwa zimene zingagwemo pambuyo pake si ndiwo.