Mwaphatikiza zokonza za anzanu olemba nawo? Imelo yake izikhala chonchi

Tinene kuti pepala la kafukufuku mukulemba anthu anayi, munatumiza fayilo imodzi, anzanu atatu abweza aliyense yake atakonza ndi Track Changes. Mu Word mupite pa Review, kenako Compare, nkusankha Combine. Compare yeniyeniyo ayi, imeneyo imaika zosintha zonse pa dzina limodzi ndiye simudziwanso kuti wasintha ichi ndani. Combine imatenga mafayilo awiri basi nthawi imodzi, choncho muyambe ndi fayilo yanu yoyamba ija ndi ya munthu woyamba, musevu, chomwe chatulukacho muphatikizenso ndi ya wachiwiri, kenako ya wachitatu.

Mu imelo yopita kwa anzanuwo nenani zimenezi poyambirira penipeni, fayilo yomwe munayambira dzina lake lonse, ndi ndondomeko yomwe munaphatikizira. Nenaninso za fomati, chifukwa Word imasunga zosintha za fomati za fayilo imodzi yokha ndipo imakufunsani kuti ya uti, ndiye amene anavutika kukonza mitu ndi zilembo zopendeketsa adziwe ngati ntchito yake yatsala. Zing'onozing'ono ngati masipelo ndi ma comma vomerezani nokha, mzere umodzi wonena kuti mwatero ndi wokwana.

Pofunika kudekha mpomwe anthu awiri agwira malo amodzi. Mwachitsanzo woyamba wafufuta ndime yonse yofotokoza anthu omwe anatenga nawo mbali, pomwe wachiwiri mu ndime yomweyo wasintha 214 kukhala 208. Mukangodina Accept All Changes ndime ija ipita koma 208 atsala yekha pakati pa tsamba, ndipo funso loti nambala yoona ndi iti silinayankhidwe, mwinanso mu tebulo mukadali 214. Apa musagamule nokha. Lembani chonchi:

“Nkhani 1, gawo la njira zofufuzira, ndime yomwe ikuyamba ndi mawu oti Otenga mbali onse. Mmodzi waifufuta, wina wasintha 214 kukhala 208. Ine ndikuona kuti ndime ikhale, koma nambala atsimikize amene anasanthula deta, aonenso Tebulo 1. Chonde pofika Lachinayi.”

Mwaona kuti malo ndawatchula ndi mawu oyamba a ndime, osati peji. Mapeji amasuntha kutengera kuti wina akuonera pa All Markup wina pa No Markup, ndiye mukati peji 7 mnzanu akasaka pena. Nkhani iliyonse ikhale ndi nambala yake, ndipo nambala yomweyo muiike mu komenti mkati mwa fayilo kuti woyankha angoti 1 ndavomera, 3 ayi.

Pomaliza apempheni mwaulemu kuti makope awo akale asawagwirenso, ayankhe pa imelo yomweyo, fayilo yophatikizayo ikhala mmanja mwanu mpaka nkhani zonse zitagamulidwa. Wina akapitiriza kukonza kope lake lakale mudzayambiranso Combine, ndipo zomwe munavomereza kale zija zidzabweranso ngati zosintha zatsopano.